Uthenga wa malonda a Khirisimasi: nenani mtengo, nenani tsiku lothera

Disembala akangofika pakati, foni imalira kwambiri kuposa mwezi wina uliwonse. Makampani a lamya, masitolo akuluakulu, atelala, ogulitsa kaunjika, ophika makeke, onse amafuna kutikumbutsa kuti alipo. Ambiri mwa mauthengawa timawafufuta tisanawamalize. Amayamba ndi moni wautali, amatiuza kuti mitengo yatsika, kenaka amatseka ndi mawu akuti “fulumirani”. Mtengo wake sautchula, ndipo tsiku limene kutsitsako kuthere salinena. Munthu amawerenga, nati ndiona mawa, ndipo mawalo silifika.

Komatu meseji ndi Khirisimasi zinadziwana kalekale. Uthenga woyamba wa SMS unatumizidwa ku Britain pa 3 Disembala 1992, pamene katswiri wina wachinyamata, Neil Papworth, analembera Richard Jarvis wa kampani ya Vodafone mawu awiri okha omufunira Khirisimasi yabwino. Anawalemba pakompyuta. Zaka zapita, kwabwera WhatsApp ndi Facebook, koma kwathu kuno meseji ikadali ndi mphamvu imene zinazi zilibe: imafika ngakhale pakafoni ka mabatani, ndipo wolandirayo safunika kukhala ndi bandulo. Agogo a kumudzi ndi bwana wa mu ofesi amailandira mofanana.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi n’kuchitsata mpaka kumapeto. Mayi wina wa ku Kawale mumzinda wa Lilongwe amaweta nkhuku zoyera. Anaika anapiye 200 m’khola kuchiyambi kwa Novembala n’cholinga choti akwane masabata asanu ndi limodzi Khirisimasi itayandikira, popeza m’makomo ambiri tsikuli silikoma popanda mpunga ndi nkhuku. M’kope lake muli manambala a anthu 300 amene anagulako nkhuku kwa iye. Mitengo imene titchule pano ndi yongoyerekeza, koma tinene kuti masiku onse amagulitsa nkhuku imodzi K15,000, ndipo waganiza zotsitsa kufika pa K13,000.

Uthenga umene anayamba kulemba ndi uwu:

“Moni makasitomala athu okondedwa! Tikukufunirani Khirisimasi yabwino ndi chaka chatsopano chopambana. Tili ndi nkhuku zabwino pamtengo wotsika kwambiri. Fulumirani, nthawi ikutha! Musaphonye mwayi umenewu.”

Ndi uthenga waulemu, ndipo palibe angaunene kuti ndi wachipongwe. Koma tayesani kukhala inu woulandira. Wachokera kwa yani? Nkhukuzo zili kuti? Mtengo wotsikawo ndi zingati? Nthawi imene ikuthayo ikutha liti? Mafunso onse anayi alibe yankho. Theka la uthengawu lathera pa moni ndi mafuno abwino, nkhuku isanatchulidwe n’komwe.

Malo ndi ochepa, ndipo ali ndi mtengo

Meseji imodzi imanyamula zilembo 160. Powerenga zilembozi timaphatikiza mipata ya pakati pa mawu, manambala, mipumiro ndi zizindikiro zonse. Mukapitirira 160 ngakhale ndi chilembo chimodzi, uthengawo umadulidwa zigawo, chigawo chilichonse n’kunyamula zilembo 153 zokha, chifukwa malo otsalawo amasunga chizindikiro chothandiza foni ya wolandira kulumikizanso zigawozo. Wolandira amaona uthenga umodzi wautali, koma wotumiza amalipira chigawo chilichonse pachokha. Uthenga wa mayi uja uli ndi zilembo 205, choncho ndi mameseji awiri. Kwa anthu 300, alipira mameseji 600.

Pali msampha wina umene umagwira makamaka ife olemba Chichewa. Malire a 160 aja amagwira ntchito ngati zilembo zonse zili pa mndandanda wa zilembo wamba umene akatswiri amautcha GSM-7. Chilembo chathu cha ŵ, chokhala ndi kadenga pamwamba, palibe pa mndandandawo. Mukangolemba “Malaŵi” kapena “maŵa”, uthenga wonse umasamukira ku kalembedwe kena kamene meseji imodzi imanyamula zilembo 70 zokha, ndipo ukadulidwa, chigawo chilichonse chimanyamula 67. Tizithunzi tija timakonda kuika pa Khirisimasi, kamtengo, kamphatso, kankhope komwetulira, timachitanso chimodzimodzi. Chinanso ndi kachizindikiro kamene kali m’mawu monga “m’mawa” ndi “ng’ombe”. Kowongoka, kamene foni zambiri zimalemba, kalibe vuto. Koma mukalemba uthenga pakompyuta m’pulogalamu ya Word n’kuukopera, kawirikawiri kamabwera kopindika, ndipo kopindikako sikali pa mndandanda uja. Motero uthenga wa zilembo 159, umene ukanakhala meseji imodzi, umasanduka mameseji atatu chifukwa cha kachizindikiro kamodzi. Anthu 300 aja ndiye kuti mameseji 900.

Kudziwa kwake n’kosavuta. Foni zambiri, ndiponso makampani otumizira anthu mauthenga ambiri nthawi imodzi, amaonetsa kanambala pambali pa malo olembera, kosonyeza zilembo zotsala ndi kuchuluka kwa mameseji. Mukaona kanambalako kagwa mwadzidzidzi mutangolemba chilembo chimodzi, chifufuteni chilembocho. Aphunzitsi a Chichewa atikhululukire, koma m’meseji ya malonda kadenga ka pa w kasiyeni.

Tsiku lothera

Apa m’pamene pagona nkhani yonse. M’Disembala ndalama ya Mmalawi imakhala ndi eni ake ambiri. Mvula yagwa, kumunda kukufunika feteleza ndi aganyu opalira. Ana akufuna zovala zatsopano, kumudzi akuyembekeza kangachepe, ndipo Januwale ali pakhomo ndi fizi yake. Munthu wotere sakana nkhuku yanu chifukwa choida. Amangoikankhira kutsogolo, popeza palibe chomukakamiza kuganiza lero. Tsiku lothera limamupatsa chinthu chogwirika choti aike m’mapulani ake: ndikalandira malipiro, Lachitatu lisanadutse, ndiimbe foni.

Koma si mawu alionse otchula nthawi amene ali malire. Taonani amene timawaona kawirikawiri. “Nthawi ikutha” sakunena kanthu, chifukwa nthawi imatha tsiku lililonse. “Nyengo ino ya zikondwerero” ndi mawu otakata kwambiri: wina amati nyengoyi imatha pa 26 Disembala, wina pa 1 Januwale, ndipo wina angakupezeni pa tchuthi cha Chilembwe pa 15 Januwale akufunabe mtengo womwewo. “Mpaka Khirisimasi” amamveka ngati omveka, koma funsani anthu asanu ngati tsiku la 25 lili m’kati kapena ayi, mumva mayankho awiri, ndipo mkangano wake udzachitikira pakhomo panu m’mawa wa Khirisimasi, munthu atanyamula K13,000 m’manja.

Oipitsitsa ndi mawu akuti “lero” ndi “mawa” akakhala okha. Wolemba amaiwala kuti nthawi yotumiza si nthawi yowerenga. Foni ikakhala yozima, kaya magetsi athima batire n’kutha, kaya mwini wake ali kumudzi kumene netiweki imavuta, uthenga umasungidwa kaye ku kampani ya lamya n’kudzalowa foniyo ikayaka. Ena amaulandira pa nthawi yake koma amauwerenga patapita masiku awiri. Munthu amene wawerenga Lachinayi uthenga wa Lachiwiri wonena kuti “mtengowu utha mawa” adzabwera Lachisanu, ndipo sadzakhala wolakwa.

Malire omveka amakhala ndi zinthu zitatu: dzina la tsiku, deti pamodzi ndi mwezi, ndiponso ola. Tiyerekeze kuti chaka chimenecho 24 Disembala wagwera Lachitatu, monga mmene zinalili m’chaka cha 2025. Mayi uja alembe kuti “Lachitatu 24 Disembala, 2 koloko masana”. Dzina la tsiku likhalepo chifukwa ambirife timakonza zochita poganiza za Lolemba kapena Loweruka, osati za nambala ya pa kalendala. Deti likhalepo kuti munthu asasokoneze Lachitatu lino ndi la sabata ya mawa. Ola likhalepo kuti wina asagogode pachitseko 9 koloko usiku n’kumati tsiku silinathe. Musanatumize, yang’anani pa kalendala kuti tsiku ndi deti zikugwirizana. Uthenga wonena kuti “Lachinayi 24 Disembala” pamene 24 ndi Lachitatu wapereka malire awiri, ndipo kasitomala adzasankha omukomera. Pewaninso 12 koloko usiku, chifukwa ena amaiwerengera ku tsiku lothali, ena ku tsiku lobwerali.

Nanga ola la 2 koloko lachokera kuti? Silinatoledwe panjira. Mayiyu akufuna kuti otsiriza kugula apeze nthawi yozinga ndi kusosola nkhuku kusanade, ndipo iyenso atseke khola n’kuyamba zophikira banja lake. Telala angaike malire ake pa 15 Disembala, chifukwa nsalu yobwera mochedwa sangaimalize kusoka. Wophika makeke angaike pa 22. Malire abwino amachokera m’ntchito yeniyeniyo, ndipo mwini malonda amatha kuwafotokoza akafunsidwa.

Kwa woweta nkhuku zoyera chifukwa chake n’chowawa kwambiri. Nkhuku ya masabata asanu ndi limodzi imadya chakudya cha pakati pa magalamu 150 ndi 200 pa tsiku. Nkhuku 200 ndiye kuti makilogalamu 30 mpaka 40, kutanthauza kuti thumba la makilogalamu 50 silikwana masiku awiri. Khirisimasi ikadutsa nkhuku zili m’khola, zimapitiriza kudya pamene ogula achepa. Kutsitsa K2,000 pa nkhuku iliyonse kukumutayitsa mayiyu K400,000 pa khola lonse, ndipo ndalama yotere munthu sataya chifukwa cha chisangalalo chabe. Akugula nayo chinthu chimodzi: kuti anthu abwere msanga. Akatsitsa mtengo koma osanena tsiku lothera, wapereka K400,000 ija osalandira chimene amafuna.

Pali funso linanso limene ambiri saliganizira mpaka litawapeza. Pofika 2 koloko ya Lachitatu, kasitomala akhale atachita chiyani? Ataimba foni? Atalipira? Atadzatenga nkhuku yake? Zitatuzi n’zosiyana. Ngati kuimba foni n’kokwanira, padzapezeka anthu osungitsa nkhuku zisanu n’kuzimiririka, mayi n’kutsala nazo atabweza ogula enieni. Njira yabwino ndi kugamula nkhaniyi uthenga usanapite, ndipo aliyense woimba auzidwe zofanana. Mayi wathu wasankha kuti nkhuku imasungidwa munthu akalipira theka, pamanja kapena kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo aitenge lisanakwane ola lija.

Uthenga wokonzedwanso

“Amayi ankhuku ku Kawale: Nkhuku ya Khirisimasi K13,000 (inali K15,000). Mtengowu utha Lachitatu 24 Disembala, 2 koloko masana. Imbani 09XXXXXXXX tikusungireni.”

Zilembo zake ndi 159, nambala ya foni ya manambala khumi ili momwemo. Ndi meseji imodzi, ndipo kwa anthu 300 mtengo wotumizira watsika ndi theka. Moni wachoka. Ndikudziwa kuti kwa Mchewa kuyamba nkhani osapereka moni kumaoneka ngati kusaleredwa, ndipo ena sangagone tulo atatumiza uthenga wotere. Koma foni zambiri zimaonetsa mawu oyambirira okha munthu asanatsegule uthenga, ndipo pa mawu amenewo m’pamene amasankha kuwerenga kapena kufufuta. Ulemu ulipobe m’mawu akuti “imbani” ndi “tikusungireni”. Moni weniweni mudzapereka pakamwa akaimba, ndipo mafuno a Khirisimasi mutha kuwatumiza padera pa 25, opanda malonda m’kati.

Uthengawu wayamba ndi dzina limene ogula amamudziwa nalo mayiyu. Kwathu kuno ichi si chinthu chaching’ono. Pafupifupi aliyense wa foni analandirapo uthenga wa akathyali wonena kuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, kapena womuuza kuti wapata mphoto pa mpikisano umene sanalowe. Anthu anaphunzira kukayikira, ndipo anachita bwino. Chifukwa chake uthenga woyamba usamauze munthu kuti atumize ndalama. Umuuze kuti aimbe, amve mawu amene amawadziwa, za kulipira zibwere pambuyo. Zilembo zazikulu zokhazokha, mifuwuliro itatu yondondozana ndi mawu akuti “mwapambana” ndi zovala za akuba, ndipo wamalonda woona asazibwereke.

Mtengo walembedwa m’makwacha, wakale ndi watsopano. Kunena kuti mwatsitsa ndi maperesenti 13 n’kumupatsa munthu samu yoti awerengere ali m’minibasi, pamene K15,000 ndi K13,000 zikaima pamodzi aliyense amaona yekha kuti K2,000 yatsala m’thumba. Koma mawu akuti “inali” akhale oona. Kukweza mtengo sabata ino kuti muoneke ngati mwatsitsa sabata ya mawa ndi chinyengo, ndipo kutsatsa malonda mosocheretsa ogula n’koletsedwa ndi malamulo a dziko lino. Bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, limalandira madandaulo otere. Ngakhale nkhani isafike kumeneko, makasitomala 300 aja anagulapo kale kwa inu ndipo mtengo wakale akuukumbuka.

Chinthu chogulitsa n’chimodzi, chochita n’chimodzi. Mayiyu ali ndi mazira ndiponso manyowa a nkhuku, ndipo mtima ukumuuza kuti azitchule zonse popeza walipira kale meseji. Asatero. Uthenga wotchula zinthu zitatu umafuna mitengo itatu, ndipo malo a tsiku lothera ndi amene amayamba kudyedwa.

Mawu amodzi kwa amene amatumiza kudzera ku makampani a mauthenga ambiri. Kumeneko mutha kulembetsa kuti pamwamba pa uthenga pazioneka dzina la bizinesi m’malo mwa nambala, dzina losapitirira zilembo 11. Zimaoneka zapamwamba ndipo zimapulumutsa malo, koma wolandira sangayankhe uthenga wotere. Mukalemba kuti “yankhani INDE” pa uthenga wochokera ku dzina, mayankho onse adzathera m’malere. Nambala yoimbira ikhale m’kati mwa uthenga.

Liti, kangati, kwa yani

Uthenga woyamba upite kutatsala masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, mwachitsanzo pa 18 kapena 19 Disembala. Mukautumiza kuchiyambi kwa mwezi, malire amakhala patali kwambiri moti sakoka munthu. Mukautumiza pa 23, mupeza ambiri atagula kale kwina. Utumizeni dzuwa lili pamwamba, chakum’mawa kapena pa nthawi ya nkhomaliro, osati usiku anthu atagona kapena Lamulungu ali m’tchalitchi. Musanatumize kwa onse, dzitumizireni nokha, ndipo ngati n’kotheka muuwerenge pakafoni ka mabatani. Kenaka mupatseni mwana wa sukulu awerenge, mumufunse kuti akugulitsa ndani, chiyani, zingati, mpaka liti. Akakayika pa funso limodzi, uthengawo sunapse.

Chikumbutso chikhale chimodzi, pa 23, ndipo chipite kwa amene sanagule okha:

“Amayi ankhuku ku Kawale: Zatsala 60. K13,000 imodzi mpaka mawa Lachitatu 24 Disembala, 2 koloko masana. Imbani 09XXXXXXXX.”

Apa “mawa” walowa, koma watsamira pa tsiku ndi deti, choncho ngakhale uthenga uchedwe susocheretsa munthu. Nambala ya 60 ikhale yowerengedwa m’khola m’mawa womwewo. Mukanena kuti zatsala 60 munthu n’kudzapeza khola lodzaza, chaka cha mawa sadzakhulupirira nambala iliyonse yochokera kwa inu.

Manambala otumizirako akhale a anthu amene anakupatsani okha podziwa kuti mudzawauza za malonda. Kutola manambala pa gulu la WhatsApp la kumpingo, pa kaundula wa maliro kapena m’kope la banki m’khonde n’kuwasandutsa makasitomala kumadanitsa, ndipo kuyambira mu 2024 dziko la Malawi lili ndi lamulo loteteza mbiri ya anthu, limene bungwe la MACRA linapatsidwa udindo woliyang’anira. Wina akanena kuti musamamutumizirenso, mufufuteni m’kope tsiku lomwelo.

Ngati uthenga wagwira ntchito, mudzadziwa ndi mafunso a oimba. Akamafunsa kuti “zingati?” kapena “zitha liti?”, ndiye kuti zimene munalemba sizinamveke. Akamayamba ndi kuti “mundisungire ziwiri, ndibwera Lachiwiri”, uthenga wafika. Lembani m’kope amene aimba tsiku lililonse. Kawirikawiri mafoni amachuluka maola oyamba uthenga utangopita, n’kuzizira pakati, n’kudzachulukanso tsiku lomaliza. Chiwerengero chimenecho chidzakuuzani anapiye oti mudzaike Novembala wa chaka chamawa.

Chovuta kwambiri chimabwera 2 koloko itadutsa. Adzaimba mlamu, adzaimba mayi a kumpingo, adzaimba kasitomala wakale amene akuti uthenga wauona mochedwa. Kukana munthu womudziwa n’kovuta pa chikhalidwe chathu, ndipo mayi wa ku Kawale adzayesedwa kuti angowonjezera tsiku limodzi, kenaka lina. Akatero, anthu amene anathamanga kudzalipira Lolemba adzamva, popeza m’dera nkhani siigona, ndipo adzaphunzira kuti malire a mayiyu ndi ongolankhula. Ngati nkhuku zatsala, ndi bwino kubwerera pa K15,000 kwa masiku angapo, kenaka n’kulemba uthenga watsopano wa Chaka Chatsopano, wokhala ndi mtengo wake ndi tsiku lake, monga Lachitatu 31 Disembala, 2 koloko masana. Ofuna kuchitira chifundo mlamu amupatse nkhuku ngati mphatso ya pachibale, koma mtengo wolengezedwa uthe pa ola limene munalemba.